Galimoto ikamalira pa liwiro: ndi tayala kapena ndi beringi?

Pali phokoso lina limene limalowa m'galimoto mozemba, moti woyendetsa sangakuuzeni tsiku limene linayamba. M'tauni, pamene mukungokwawa pamzere wa magalimoto, simulimva. Mukangotulukira kunja liwiro n'kufika cha m'ma 50 kapena 60, pansi pamayamba kumveka kulira kwa "wuuu", pena "wowowowo". Mukawonjezera moto nalonso limakwera, mukachepetsa nalonso limatsika. Ambiri timangokweza wailesi. Tsiku limene tatopa nalo timapita kugalaji, ndipo yankho silichedwa: "Bwana, imeneyo ndi beringi."

Nthawi zina amakaniko amakhala akunena zoona. Koma tayala lodyeka mokumbikakumbika limalira mofanana kwambiri ndi beringi yakutha, ndipo khutu lokha, ngakhale la munthu amene wakulira m'galaji, limanamizika. Munthu amagula beringi yatsopano, amalipira woikira, n'kubwerera pamsewu phokoso lili chilirire. Pena zimachitika mosemphana: wina amaona matayala akale, nagula atsopano, pomwe beringi ikupitiriza kudzidya m'kati. Chosangalatsa n'chakuti ziwirizi zimasiyanitsika popanda kugula chilichonse. Chimene chimafunika ndi msewu wopanda anthu ambiri, jeke, dzanja lanu ndi ola limodzi.

Tisanafike pa ziwirizo, tichotse kaye injini pamlandu. Yendani pa liwiro limene phokoso likumveka bwino, kenako sinthani giya kutsika imodzi osasintha liwiro. Injini idzalira mokweza chifukwa ikuzungulira kwambiri, koma ngati "wuuu" uja sanasunthe, ndiye kuti akutsata kuzungulira kwa magudumu. Pa galimoto zokoka ndi magudumu akumbuyo, monga minibasi za Hiace ndi mapikapu, pali winanso womuganizira, ndiye difu. Kulira kwa difu kumasintha mukaponda moto ndi pamene mwachotsa phazi. Tayala ndi beringi sizisamala zimenezo, chimene zimamvera ndi liwiro basi.

Tiyambe ndi tayala. Tayala labwino limatha mofanana kuzungulira ponse. Lokumbika limakhala ndi timaenje tosaya m'mano mwake, apa podyeka, apa potsala, apa podyekanso, kawirikawiri m'mphepete mwa mbali imodzi. Chigamba chilichonse chodyeka chimakhala ngati masentimita 8 kapena 10 m'litali. Zimachitika chifukwa gudumu silikukhazikika pamsewu, likudumphadumpha pang'ono pamene likuthamanga, ndipo pamene latera pamadyeka kwambiri kuposa pamene linapepuka. Ntchito yoletsa kudumphako ndi ya shoko. Shoko ikatha mphamvu, sipuling'i imangosewera yokha popanda woigwira. Gudumu lopanda balansi limachitanso zomwezo, chimodzimodzi mabushi akutha kapena gudumu lopenya kumbali chifukwa alainimenti inasokonekera m'dzenje.

Timaenje tija tikangoyamba, tayala limasanduka ngati lanyamula msewu wakewake wafumbi wamabampu, n'kumayenda nawo ngakhale pa phula losalala. Tiwerengere pang'ono kuti tione kumene kulira kumachokera. Tayala lolembedwa 185/65 R15, lomwe ndi lofala pa galimoto zing'onozing'ono, likazungulira kamodzi limayenda mtunda wochepera pang'ono mamita awiri. Pa makilomita 60 pa ola limazungulira kasanu ndi katatu ndi theka pa sekondi imodzi. Ngati lili ndi timaenje 12, ndiye kuti likumenya msewu pafupifupi ka 100 pa sekondi. Khutu silingawerenge kumenya kofulumira chotero, limangomva kulira kumodzi kosalekeza. Pa 100, kumenyako kumafika cha m'ma 170, ndipo mawu aja amakwera. N'chifukwa chake phokoso limayenda ndi liwiro.

Beringi nayonso imalira pa chifukwa chofanana, kungoti zikuchitikira m'kati mwa chitsulo. Pakatikati pa gudumu, m'habu, muli timipira kapena timigolo tachitsulo timene timagudubuka pakati pa mphete ziwiri zosalala kwambiri, zonse zitamira m'girizi. Kulemera konse kwa galimoto pakona imeneyo kumadutsa pa tizitsulo timeneti. Gudumu likagunda dzenje mwamphamvu, timipira timatha kusiya tizipsera pamphete. Chotsekera chikang'ambika, madzi ndi mchenga zimalowa, girizi n'kuwonongeka, dzimbiri n'kuyamba. Kenako chitsulo chimayamba kusupuka. Kampira kalikonse kakadutsa posupukapo kamagunda, ndipo gudumu likamathamanga kugundako kumachuluka mpaka kusanduka kulira. Nyengo ya dzinja, pamene galimoto zimawoloka zithaphwi habu ili yotentha, ndi imene imabala maberingi ambiri olira miyezi yotsatira.

Ndiye zonse ziwiri zimalira chifukwa cha kugunda kobwerezabwereza. Kusiyana kwake kuli apa: tayala limalira pamene lakumana ndi msewu, choncho limamvera msewu, ndipo mukalisuntha limanyamuka ndi phokoso lake. Beringi siona msewu. Imamvera kulemera kumene kwaitsamira, ndipo imakhala pakona yake yomweyo ngakhale mutasintha matayala onse. Mayeso onse amene akubwerawa atsamira pa mfundo imeneyi.

Oyamba ndi a msewu. Misewu yathu ili ndi ubwino umodzi wosayembekezeka pankhaniyi: phula lake limasinthasintha. Pena ndi lokhakhala, lamiyala yoonekera, patsogolo pang'ono pali chigawo chatsopano chosalala. Gwirani liwiro limodzi n'kumvetsera pamene mukuchoka pa lina kulowa pa lina. Phokoso la tayala limasintha nthawi yomweyo, mphamvu yake ngakhalenso mawu ake. La beringi limapitirira monga linalili, ndipo pa phula losalala ndi pamene limamveka bwino kwambiri chifukwa maphokoso ena onse atonthola.

Achiwiri ndi a chiwongolero, ndipo amafuna msewu wowongoka, wouma, wopanda akabaza, ana asukulu kapena mbuzi. Pa liwiro la 50 kapena 60, pendeketsani galimoto pang'ono kumanzere kenako kumanja, mofatsa, musanatuluke kumbali yanu ya msewu. Si zokhotetsa mwadzidzidzi ayi. Mukakhotera kumanzere, kulemera kwa galimoto kumatsamira magudumu akumanja, akumanzere n'kupepuka. Beringi yowonongeka ikalemedwa imalira kwambiri, ikapepukidwa imatsitsa mawu, pena kutontholeratu. Tayala lokumbika silisintha kwenikweni ndi kupendeka kochepa chonchi. Makona aatali a msewu wa kumapiri amachita mayeso omwewa okha: ngati mwaona kale kuti phokoso limazimirira pa makona okhotera mbali imodzi n'kubwerera mukawongola, mwapeza kale umboni waukulu.

Amakaniko ambiri amapitirira pamenepa n'kunena kuti phokoso likakula pokhotera kumanzere ndiye kuti beringi yoipa ndi yakumanja. Nthawi zambiri zimakhaladi choncho, koma ine sindingagule beringi pa mawu amenewa okha. Maberingi a galimoto zamakono ali ndi mizere iwiri ya timipira, wakunja ndi wam'kati, ndipo kukhota kumodzi kumene kumapanikiza mzere wina kumanja kumapanikizanso mzere wina kumanzere. Mayesowa ndi amphamvu potiuza kuti vuto ndi beringi. Potiuza mbali yake, amafuna mboni ina. Komanso phokoso limayenda m'zitsulo za galimoto, moti woyendetsa, amene kuno amakhala kumanja, akhoza kulumbira kuti likuchokera kutsogolo pomwe lili kumbuyo. Mnzanu akhale pampando wakumbuyo, asunthire uku ndi uku akumvetsera.

Mukaima, mayeso achitatu ndi a dzanja. Maso amaphonya timaenje tosaya, makamaka tikakhala m'mphepete mwa m'kati mmene simuona mutaimirira pambali pa galimoto. Sisitani chikhatho pamwamba pa tayala motsata kuzungulira kwake, kupita ndi kubwerera, kunja, pakati ndi m'kati. Chitani mosamala, poti tayala lakutha kwambiri limatulutsa mawaya obaya. Mukamva kukwera ndi kutsika, lakumbika. Mukamva kuti kupita dzanja likutsetsereka koma pobwerera mano akukola, ndi kudyeka kwa mtundu wina, kumene dzino lililonse limatha mbali imodzi, ndipo nako kumalira chimodzimodzi. Musanagwire matayala, yandikizani dzanja pakati pa gudumu lililonse, osakhudza chitsulo msanga, n'kuyerekeza kumanzere ndi kumanja. Habu yotentha kuposa inzake ndi yokayikitsa, ngakhale buleki yogwira imatenthetsanso gudumu chimodzimodzi.

Tsopano tiyerekeze nkhani imodzi kuti tione mmene umboni umasonkhanirana. Mwini Toyota Corolla, yokoka ndi magudumu akutsogolo, amayenda kawirikawiri pakati pa Lilongwe ndi Dedza mumsewu wa M1. Kwa miyezi ingapo akumva kulira koyambira pa 55, kokula kwambiri cha m'ma 80. Akuganiza kuti kukuchokera kumbuyo. Kugalaji amuuza kuti agule habu yakumbuyo, chifukwa pa Corolla zambiri beringi yakumbuyo imabwera yomatiridwa m'habu, siigulitsidwa payokha. Asanagule, ayesa. Atsitsa giya: kulira sikusintha, injini yatuluka pamlandu. Apendeketsa kumanzere ndi kumanja: palibe kusiyana kumene angakuloze. Alowa pa phula latsopano: kulira kwasintha mawu. Apa zinthu zayamba kuloza tayala. Asisita matayala onse anayi, ndipo atatu ali bwino, koma lakumbuyo kumanzere lili ndi timaenje m'mphepete mwa m'kati.

Munthu wopupuluma akhoza kutseka mlandu pomwepa, koma tayala lokumbika silichotsa beringi pamlandu. Beringi yogwedera imachititsa gudumu kuvina, ndipo gudumu lovina limakumba tayala. Zonse ziwiri zikhoza kukhala pakona imodzi. Choncho mwini galimoto achita mayeso amene amaposa onse: asinthanitsa gudumu lakumbuyo kumanzere ndi lakutsogolo kumanzere. Akusintha mbali yomweyo chifukwa matayala ena ali ndi muvi pambali wosonyeza kumene ayenera kuzungulirira, ndipo otere sawoloka kupita mbali ina. Amanga manati bwino, abwerera pamsewu womwe uja pa liwiro lomwe lija. Kulira kwasamukira kutsogolo, kwayandikira, ndipo chiwongolero chikunjenjemera pang'ono m'manja. Kumbuyo kwati zii. Phokoso latsata tayala, ndiye habu ija inalibe mlandu.

Kukanakhala kuti kulira kwatsala kumbuyo komweko mosasintha, beringi ikanagwidwa, timaenje tija tikanakhala nkhani ina yapadera. Kukanakhala kuti kutsogolo kwayamba kulira koma kumbuyo kwatsalanso kulira kwina kocheperako, ndiye kuti olakwa ndi awiri. Amene ali ndi sipeya yofanana kukula ndi matayala ena akhoza kungoika iyo pakona yokayikitsa. Kasipeya kowonda kamene kamabwera ndi galimoto zambiri zochokera ku Japan sikathandiza pa mayeso awa, chifukwa sikaloledwa kupitirira 80 ndipo kali ndi phokoso lakelake.

Gudumu lili m'mwamba ndi nthawi yabwino yofunsa beringi mwachindunji. Galimoto ikhale pamalo athyathyathya, magudumu ena atatsekerezedwa ndi miyala, ndipo musalowetse thupi pansi pa galimoto yodalira jeke yokha. Gwirani tayala dzanja lina pamwamba, lina pansi, n'kuligwedeza kukankha ndi kukoka. Mukamva "khokho", china chake chamasuka. Kuti mudziwe ngati ndi beringi, wina aponde buleki inu mukugwedezabe. Kugwedera kukatha, ndi beringi, chifukwa buleki yamangirira habu. Kukapitirira, yang'anani bolojointi kapena mabushi. Kugwedera kumene kumamveka pokhapokha mutagwira kumanzere ndi kumanja kwa tayala lakutsogolo kumakhala kwa tayirodi.

Apa pali msampha umene wagwetsa ambiri. Amagwedeza gudumu, saona kusewera kulikonse, n'kunena kuti beringi ili bwino. Beringi yotsekeredwa ya masiku ano imatha kulira miyezi yambiri isanayambe kugwedera. Kugwedera ndi chizindikiro cha kumapeto. Njira yoigwira msanga ndi iyi: zungulitsani gudumu mwamphamvu ndi dzanja limodzi, dzanja linalo mutagwira sipuling'i ya pakona imeneyo. Beringi yabwino siitumiza chilichonse. Yosupuka imatumiza kanjenjemera kakang'ono, kokhakhala, kamene zala zimakamva ngakhale khutu lisamve kanthu. Chitani chimodzimodzi mbali inayo kuti muyerekeze, ndipo apa ndi pamene mumapeza mboni ija ya mbali. Mawu a "shii, shii" a mabuleki akukhudza pang'ono asakusokonezeni, amenewo ndi achibadwa. Mosemphana ndi zimenezi, maberingi akale a timigolo topendekeka, omwe amapezeka kutsogolo kwa mapikapu ndi minibasi zina, amamangidwa dala ndi kampata kochepa kwambiri. Kusewera pang'ono pa amenewa kumatha ndi kuwatsuka, kuika girizi watsopano ndi kumanga nati pa muyeso wake, bola chitsulo chisanasupuke.

Tibwerere kwa mwini Corolla uja, poti ntchito yake sinathe. Tayala lokumbika langoulula vuto, silinadzikumbe lokha. Atachotsa gudumu, aona shoko yakumbuyo kumanzere yanyowa mafuta ndipo fumbi lamatirira pathupi pake. Shoko imeneyo yatha. Sizodabwitsa kuti ndi yakumanzere: timayenda kumanzere kwa msewu, ndipo magudumu a mbali imeneyo ndi amene amakumana ndi mphepete yophwanyika ya phula nthawi iliyonse tikupatukira lole. Sizodabwitsanso kuti ndi kumbuyo, chifukwa pa galimoto yokoka ndi kutsogolo magudumu akumbuyo amanyamula zochepa ndipo sachedwa kudumpha. Akangogula tayala latsopano n'kuliika pansi pa shoko yomweyo, nalonso lidzakumbika. Mashoko amasinthidwa awiriawiri, kumanzere ndi kumanja pamodzi, kenako magudumu apite ku balansi ndipo alainimenti ionedwe. Mayeso otchuka aja okankha kona ya galimoto pansi n'kuona ngati ikunjanja amagwira shoko yakufa kotheratu, yofooka pang'ono imawadutsa.

Nanga tayala lijalo? Timaenje tikakhala tosaya, tayala likhoza kusalala pang'onopang'ono likaikidwa pamalo ena vuto litakonzedwa, ngakhale phokoso limatenga nthawi kuti lichepe. Tikakhala tozama, silidzatontholanso. Muyeso wa mano uzitengedwa pamalo podyeka kwambiri, osati pamene patsala pabwino. M'mizere ya tayala muli timilatho ta labala tosonyeza mamilimita 1.6, ndipo ngati pena paliponse mano afanana ndi timilathoto, tayalalo latha ngakhale kwina kukuoneka kwatsopano. Ogula matayala a kaunjika asisite kaye ndi dzanja asanalipire, chifukwa ena anachotsedwa pa galimoto zawo ndi phokoso lomweli. Kusinthanitsa matayala kutsogolo ndi kumbuyo pa makilomita 8,000 mpaka 10,000 aliwonse kumaletsa kudyeka kotere kusanazike mizu.

Mlandu ukagwera beringi, nkhani yake ndi ina, chifukwa iyo siichira ndipo siidikira mpaka kale. Tayala lolira limatopetsa ndipo limachepetsa kugwira msewu, makamaka pamvula, koma limakupatsani nthawi yokonzekera. Beringi ikachoka pa kulira n'kufika pokukuta, ikayamba kugwedera kapena kutentha, galimotoyo si yonyamulanso anthu paulendo wautali. Ikhoza kugwira gudumu mwadzidzidzi, kapena kuphwasuka gudumu n'kupendama. Nyali ya ABS ikayaka pamodzi ndi kuliraku, nayonso imaloza komweko, poti chowerengera liwiro la gudumu chimakhala pahabu.

Posintha ndi pamene maberingi ambiri atsopano amafera. Yakutsogolo kwa Corolla ndi galimoto zofanana nayo imalowetsedwa ndi puresi, ndipo mphamvu iyenera kukankha mphete yoyenera yokha, isadutse pa timipira. Woimenya ndi hamala amasiya tizipsera tomwe tija timene dzenje limasiya, ndiye beringi yatsopano imayamba kulira pakangopita miyezi yochepa, mwini galimoto n'kumatukwana wogulitsa. Nati yaikulu ya pakati ili ndi muyeso wake womangira, ndipo ndi imene imagwira beringi pa kulimba koyenera. Yomangidwa mongoyerekeza ndi chipaipi, yolimba mopitirira kapena yosakwanira, imafupikitsa moyo wa beringi. Maberingi ena ali ndi mbali ya maginito yowerengedwa ndi ABS, ndipo akalowetsedwa chozondoka nyali ija siizimanso. Musanasiye makiyi, funsani amakaniko ngati ali ndi puresi ndi sipanala yoyezera, ndipo beringi yakaleyo aichotse inu mukuona. Izungulitseni m'manja: yowonongeka imakhakhala pansi pa zala.